Aniyoni gapu ndi kashiamu wokonzedwa: phunziro la ophunzira omwe ayamba ntchito mu wodi ya akuluakulu

Zotsatira za magazi zikabwera kuchokera ku labu, ambiri mumayang'ana manambala omwe makina aika chizindikiro, ena onse n'kuwadumpha. Pali masamu awiri omwe ndikufuna muziwachita nokha papepala la wodwala, ndipo onse awiri amafuna nambala ya alubumini, puloteni ya m'magazi.

Woyamba ndi aniyoni gapu:

```
AG = Na - (Cl + HCO3)
```

M'magazi, mphamvu ya ma ayoni a pozitivu imafanana ndi ya a negativu. Koma labu imayeza ochepa okha, ndiye mukachotsa kiloraidi ndi bayikaboneti pa sodiyamu, pamatsala mpata. Mpata umenewu ndi wa ma ayoni a negativu osayezedwa, ndipo gawo lalikulu ndi la alubumini. Kwa munthu wabwinobwino umakhala pakati pa 8 ndi 12 mmol/L, ngakhale labu iliyonse ili ndi malire ake malinga ndi makina. Mukaphatikiza potaziyamu, malirewo amakwera ndi 4.

Gapuyi imathandiza mukaona bayikaboneti watsika, kusonyeza kuti magazi achuluka asidi. Imakuuzani komwe asidiyo wachokera. Ngati gapu yakula, pali asidi wina yemwe walowa m'magazi n'kudya bayikaboneti: makitoni kwa wodwala shuga, lakiteti kwa amene ali ndi sepisisi, malungo aakulu kapena wataya magazi ambiri, asidi otsalira impso zikalephera, kapenanso poizoni monga methanolo ndi asipirini womwa mopitirira muyezo. Ngati gapu sinasinthe, ndiye kuti thupi lataya bayikaboneti ndipo kiloraidi wakwera kulowa m'malo mwake. Apa ganizirani kutsegula m'mimba, vuto la timachubu ta m'impso, kapena madzi a mchere a 0.9% omwe ife tomwe tam'patsa ochuluka pa diripi.

Odwala athu ambiri amafika atawonda ndi chifuwa chachikulu, matenda a chiwindi kapena kusowa zakudya, ndipo alubumini wawo amakhala wotsika. Alubumini akatsika, gapu imatsika nayo, asidi woopsa n'kubisala. Choncho konzani:

```
AG yokonzedwa = AG + 0.25 x (40 - albumin g/L)
```

Tiyeni titenge bambo wazaka 58 amene wabwera atafooka, akupuma mofulumira, wosokonezeka mutu, ndipo wakhala akudandaula msana kwa miyezi ingapo. Sodiyamu 134, kiloraidi 104, bayikaboneti 18, alubumini 20 g/L. Gapu ikutuluka 12, yooneka yabwino. Mukakonza, mukuwonjezera 5, ikukhala 17. Bamboyu ali ndi asidi wobisika. Muyezeni lakiteti, shuga, makitoni ndi kireyatinini, ndipo mufufuze ngati ali ndi sepisisi tsiku lomwelo.

Masamu achiwiri ndi a kashiamu. Pafupifupi theka la kashiamu wa m'magazi limayenda momasuka, ndipo limeneli ndi lomwe limagwira ntchito mu mtima, m'mitsempha ndi m'minofu. Pafupifupi magawo 40 pa 100 amamatirira ku mapuloteni, makamaka alubumini. Labu nthawi zambiri imayeza onse pamodzi, kotero alubumini akachepa, nambala imatsika ngakhale womasukayo sanasinthe.

```
Ca wokonzedwa (mmol/L) = Ca + 0.02 x (40 - albumin g/L)
Ca wokonzedwa (mg/dL) = Ca + 0.8 x (4 - albumin g/dL)
```

Onetsetsani kaye muyezo womwe labu yalemba musanasankhe mzere. Malire abwino ndi 2.2 mpaka 2.6 mmol/L.

Bambo uja kashiamu wake ndi 2.45. Mukawonjezera 0.4, akufika 2.85, wokwera. Tsopano kusokonezeka mutu ndi kupweteka kwa msana kuja zikuyamba kumveka. Funsani za ludzu, kukodza pafupipafupi ndi kudzimbidwa, ndipo ganizirani khansa ya m'mafupa monga mayeloma, khansa yofalikira kuchokera kwina, chifuwa chachikulu, kapena parathayiroidi yogwira ntchito mopitirira. Kashiamu akapyola 3.5, kapena wodwala akakhala ndi zizindikiro zazikulu, yambani madzi a diripi mosachedwa ndipo itanani dokotala wamkulu. Mbali inayi, kashiamu wa 1.9 pa alubumini wa 20 akukonzeka kukhala 2.3, ndipo wodwala wotero, ngati alibe zizindikiro, sakufunika kashiamu wa m'mtsempha.

Ndikuchenjezeni: masamu a kashiamuwa ndi ongoyerekeza, ndipo amasocheretsa kwambiri kwa odwala mwakayakaya, a impso zolephera, ndi amene alubumini wawo watsikitsitsa. Saganiziranso pH. Asidi akachuluka, kashiamu amamasuka ku alubumini. Asidi akachepa, kashiamu amamatirira kwambiri ku alubumini, n'chifukwa chake munthu wopuma mothamanga chifukwa cha mantha amachita dzanzi pamilomo ndipo zala zimapindika pomwe nambala yake ili bwino. Kumene kuli makina oyeza mpweya wa m'magazi, pemphani kashiamu womasukayo mwachindunji, ndiye wodalirika. Kumene kulibe, yesani chizindikiro cha Trousseau, chomwe ndi kupindika kwa zala mukafinya mkono ndi lamba woyezera BP ngati kashiamu wachepa, onani kutalika kwa QT pa ECG, ndipo kashiamu akatsika osakwera ngakhale mukupereka mankhwala, muyezeni magineziyamu.

Pa raundi ya Lolemba, aliyense abwere ndi manambala awiriwa atawerengera kale kwa wodwala wake amene ali ndi zotsatira. Ngati alubumini sanayezedwe, m'pempheni pa fomu yomweyo yomwe mukupemphera mchere wa m'magazi.