Kalata Yoitanira Anansi ku Tsiku Lokongoletsa Msewu Wathu ndi Kugwirizana za Chopereka

Chimwankhunda, Blantyre
3 Juni 2024

Okondedwa abambo, amayi ndi achinyamata nonse okhala mumsewu wochokera pa chigayo kukafika pa kamlatho,

Tikukupatsani moni m'dzina la komiti yomwe inasankhidwa pa msonkhano wa Lamulungu pa 26 Meyi, umene unachitikira pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa Bambo Kachingwe. Pamsonkhanopo panafika anthu 17 okha, ndipo popeza nkhani yomwe tinakambirana ikukhudza thumba la banja lililonse, taona kuti nkoyenera kulemba zonse m'kalata ino kuti amene sanafike asamve za m'maluwa.

Monga mukudziwa, Loweruka pa 6 Julaye chaka chino dziko lathu likukwanitsa zaka 60 chilandirireni ufulu wodzilamulira mu 1964. Tagwirizana kuti tsikuli lidzapeze msewu wathu uli wooneka bwino, choncho tikukuitanani nonse ku ntchito yokongoletsa msewu Loweruka pa 29 Juni, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 1 koloko masana. Tasankha Juni chifukwa mvula yatha, kotero laimu ndi penti zidzauma osakokoloka, komanso kuzizira kwa mwezi uno kumalola munthu kugwira khasu nthawi yaitali osatopa ndi dzuwa. Abale athu amene amapemphera Loweruka sitinawaiwale: tawasiyira ntchito yobzala maluwa ndi kumangirira timbendera, imene adzagwire Lamulungu pa 30 Juni kuyambira 2 koloko masana pamodzi ndi aliyense amene adzakhale kuntchito Loweruka.

Ntchito yoyamba idzakhala kulambula udzu, kusesa ndi kufukula ngalande zonse ziwiri, zomwe zakwiririka ndi mchenga ndi majumbo. Tikatero tidzakonza malo atatu amene ngalande inagumuka, makamaka pafupi ndi kamlatho pomwe ana akusukulu amadumpha tsiku ndi tsiku, kenaka tidzapaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu ndi tsinde la mitengo. Zipilala za kamlatho tidzazipaka penti yakuda, yofiira ndi yobiriwira, mitundu ya mbendera ya dziko lathu, ndipo timbendera ta nsalu ta mitundu yomweyo tidzapachikidwa pa zingwe kuchokera pa mtengo wina kufika pa wina. Palibe chimene chidzamangiriridwe pa mapolo a magetsi, ndipo pobzala maluwa sitidzakumba mozama chifukwa mapaipi a madzi a nyumba zambiri anadutsa pafupi kwambiri ndi pamwamba. Mpanda wa munthu sudzapakidwa kanthu mwiniwake asanavomere. Amfumu a dera lathu ndi a khansala tawadziwitsa kale, ndipo kalata yodziwitsa Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre tikaipereka sabata ino.

Tsopano tifike pa nkhani ya ndalama, yomwe inatenga nthawi yaitali pamsonkhano. Poyamba ena ananena kuti tingogawa ndalama yonse mofanana pa khomo lililonse, koma Mayi Mbewe anatikumbutsa kuti mumsewu muno muli mapuloti 28 pamene mabanja alipo 42, chifukwa pa mapuloti ambiri pali nyumba zakuseri zochititsa lendi. Munthu walendi akhoza kusamuka mwezi wamawa, ndipo sadzanyamula ngalande yokonzedwayo kupita nayo kumene akupita, pamene mwini puloti adzapindula nayo mvula ikadzayamba, ngakhale atakhala kuti amakhala ku Lilongwe. Mbali inayi, tiyi ndi chakudya cha tsikulo adzadya ndi amene alipo, ndipo timbendera adzatiyang'ana ndi amene amadutsa mumsewu muno tsiku lililonse. Pachifukwachi tinagwirizana kugawa zofunika m'magulu awiri: zinthu zokhalitsa alipire eni mapuloti, zinthu za tsiku lokhalo lilipire banja lililonse lokhala muno.

Pa zinthu zokhalitsa, mitengo yomwe Bambo Kachingwe ndi Bambo Sitima anapeza atafunsa m'masitolo atatu ku Limbe ndi iyi. Matumba 8 a laimu pa K13,000 lililonse ndi K104,000, zitini zitatu za penti yamafuta za malita asanu pa K38,000 chilichonse ndi K114,000, ndipo matumba anayi a simenti pa K21,000 lililonse ndi K84,000. Mchenga tauikira K30,000, mbande za maluwa K48,000, ndipo mmisiri womanga wavomera K40,000 pa malo atatu aja ngati anyamata a mumsewu muno adzamuthandiza kukanya matope ndi kutunga madzi. Zonse pamodzi ndi K420,000, ndipo tikagawa pa mapuloti 28, puloti iliyonse ipereka K15,000.

Pa zinthu za tsikulo, nsalu ndi zingwe za timbendera ndi K66,000, maburashi 10 pa K3,500 imodzi ndi K35,000, galimoto yonyamula zinyalala ndi K30,000, ndipo shuga, masamba a tiyi, mbatata, ufa, nyemba ndi chimera cha thobwa zafika K79,000. Pamodzi ndi K210,000, yomwe ikagawidwa pa mabanja 42 ikubwera K5,000 banja lililonse. Ndalama ya telala palibe chifukwa Mayi Chirwa adzipereka kusoka timbendera tonse mwaulere, ndipo tikuwathokoza kwambiri popeza ndi ntchito ya masiku angapo pa makina awo omwe amadyerapo.

Kunena mwachidule, mwini puloti amene amakhala pomwepo apereka K20,000, mwini puloti amene amakhala kwina apereka K15,000, ndipo banja lalendi lipereka K5,000. Tikupempha eni nyumba mwaulemu kuti K15,000 imeneyi asaikankhire kwa alendi awo powonjezera pa lendi ya mwezi uno, chifukwa kutero ndi kupasula zomwe tagwirizana. Ngati pali walendi amene akuona kuti nkovuta kukambirana nkhaniyi ndi mwini nyumba, angouza komiti ndipo ife tidzalankhula nawo tokha.

Chitsikireni mphamvu ya kwacha mu Novembala chaka chatha, mtengo umene munthu wauzidwa lero sukhala womwewo pakatha masabata awiri, choncho taikapo K50,000 yapadera yodzathandiza ngati katundu atakwera. Ndalama imeneyi yavomerezedwa ndi eni malonda asanu a mumsewu muno, omwe ndi a chigayo, a magolosale awiri, a saluni ndi a malo owotcherera zitsulo, ndipo aliyense apereka K10,000 pamwamba pa gawo lake lapakhomo. Motero ndalama yonse yofunika ndi K680,000. Yapaderayi ikadzatsala, idzagwira ntchito yothirira maluwa m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pokhapokha ngati msonkhano utadzagamula zina.

Pali mabanja atatu a okalamba ndi amasiye amene komiti yaona kuti sikoyenera kuwapempha ndalama. Gawo lawo, lomwe ndi K60,000, alonjeza kulipira anansi awiri amene apempha kuti maina awo asatchulidwe, ndipo maina a mabanjawo sitiwatchulanso. Wina aliyense amene zinthu sizili bwino mwezi uno afike kwa msungichuma mwakachetechete kuti akambirane, m'malo mongokhala chete mpaka tsiku litafika. Amene ali ndi katundu yemwe ali pa mndandandawu, monga mchenga wotsala pomanga, ufa kapena mbande za maluwa, akhoza kupereka zimenezo ndipo mtengo wake udzachotsedwa pa gawo lake. Koma kugwira ntchito sikulowa m'malo mwa chopereka, chifukwa tonse tidzagwira, ndipo thukuta lokha silingatigulire simenti. Chimodzimodzinso amene wapereka ndalama asaganize kuti wamasuka pa ntchito. Ngati sangathe kubwera, atumize munthu wamkulu wapakhomo pake.

Ndalama zonse zipite kwa msungichuma wathu, Mayi Nyirenda, a nyumba yachitatu kuchokera pa chigayo, ndipo munthu wina aliyense, ngakhale wa mukomiti, asalandire ndalama m'dzina la ntchitoyi. Mukhoza kupereka zonse nthawi imodzi, kapena theka pofika Loweruka pa 15 Juni ndi theka lotsalalo pofika pa 22 Juni, kuti katundu akagulidwe Lolemba pa 24 Juni ndipo Mayi Chirwa akhale ndi nthawi yosoka. Opereka pamanja alandire lisiti pompopompo. Otumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba awonjezere yotapira, asunge uthenga wotsimikizira, ndipo akatenge lisiti yawo tsiku lomwelo kapena lotsatira. Ena a inu mukukumbukira kuti zopereka zina zam'mbuyomu zinathera m'manong'onong'o chifukwa panalibe cholembedwa, ndipo sitikufuna kuti zimenezo zibwerezedwe. Pogula katundu padzapita anthu atatu, mmodzi mwa iwo walendi, ndipo malisiti onse adzawerengedwa poyera pa msonkhano wa Lamulungu pa 14 Julaye.

Pa tsikulo banja lililonse libweretse zida zomwe lili nazo, monga makasu, mafosholo, zisikilo, matsache, ndowa ndi wilibala, ndipo mulembe chizindikiro pa chida chanu kuti chisasokonekere. Eni magalimoto awatulutse mumsewu 7 koloko isanakwane kapena awasiye m'mipanda mpaka ntchito itatha. Laimu amawotcha m'maso ndi pakhungu, choncho adzasakaniza ndi kupaka ndi akuluakulu okha, pamene ana adzathandiza kutola mapepala ndi kuthirira maluwa. Tikupemphanso kuti pasadzaoneke nsalu, malaya kapena mbendera ya chipani chilichonse, ndipo mowa usadzabwere pamalo a ntchito. Ngati mumsewu muno mutagwa zovuta sabata imeneyo, ntchito idzaimitsidwa monga mwa mwambo wathu ndipo komiti idzalengeza tsiku lina.

Zomwe talembazi sizinatsekedwe. Padzakhala msonkhano wina Lamulungu likudzali pa 9 Juni, 3 koloko masana, pamalo omwe aja, pomwe aliyense amene sakugwirizana ndi kagawidwe aka kapena akudziwa kumene katundu angapezeke motsika mtengo adzakhale ndi mpata wolankhula. Msonkhanowo ukadzatha, mlembi adzayenda ndi kope khomo ndi khomo kuti mutu wa banja lililonse usayine pa ndalama yomwe wavomera, ndipo kuyambira pamenepo ziwerengerozi sizidzasinthanso. Eni mapuloti okhala kutali tiwatumizira kalata ino pa foni, ndipo tikupempha kuti ayankhe pofika pa 12 Juni.

Ife anu,

Bambo E. Kachingwe, Wapampando
Mayi L. Mbewe, Mlembi
Mayi G. Nyirenda, Msungichuma