Ndalama za soya wa alimi a ku Domwe: patsala 38,400 MT, ndikupempha chigamulo pofika 13 Juni

Lolemba, 9 Juni 2025

Bwana,

Kalata yanga ya Lachisanu muisiye, muwerenge ino. Ija ndinailemba mtima uli m'mwamba, masiku ndi manambala zinakwiririka m'madandaulo.

Bungwe la alimi a ku Domwe linatigulitsa soya wa 384,000 MT, koma lalandira 345,600 MT. Patsala 38,400 MT, mtengo wa matumba 24. Ndikupempha mulamule ofesi ya zachuma ku Tete kuti ilipire ndalamayi pofika Lachisanu pa 13 Juni.

Mmene zinayendera:

12 Meyi: Alimi anabweretsa matumba 240 a makilo 50 ku nkhokwe yathu kuno ku Ulongwe. Sikelo inawerenga makilo 12,000. Mtengo wa pamgwirizano ndi 32 MT pa kilo. Ndinasaina resibo ine, mlembi wa bungwelo anasainanso.

13 Meyi: Lole yoyamba inanyamula matumba 216 kupita ku Tete pa giya, chikalata choyendera katundu, nambala 0417. Matumba 24 anatsala chifukwa lole inali itanyamula kale katundu wina ndipo woyendetsa anakana kupitirira kulemera kololedwa.

15 Meyi: Matumba 24 aja anakwera lole yachiwiri pamodzi ndi chimanga, pa giya nambala 0423. Ku nkhokwe ya ku Tete anadinda kuti alandira pa 16 Meyi.

23 Meyi: A zachuma anatumiza 345,600 MT ku akaunti ya bungwe. Mukagawa ndi 32 mupeza makilo 10,800, omwe ndi matumba 216 ndendende.

26 Meyi: Wapampando wa alimi anabwera kudzafunsa. Ndinaimbira a zachuma, iwo anati adula chifukwa soya anali wachinyezi.

2 Juni: Nditawatumizira pepala loyezera chinyezi, anayankha pa imelo kuti nkhani si chinyezi, koma kuti m'mabuku mwawo muli matumba 216 okha. Ndinawatumizira giya yachiwiri tsiku lomwelo. Mpaka lero sanayankhe, ngakhale ndinawakumbutsa pa 4 ndi pa 6 Juni.

Umboni ndaumata pa imelo ino. resibo_12mai.pdf ndi resibo ya matumba 240 yokhala ndi masaini awiri. guia_0417.pdf ndi guia_0423.pdf ndi magiya onse awiri. Pa yachiwiri onani mzere wapansi, pamene palembedwa soya matumba 24, ndi chidindo cha ku Tete pambali pake. humidade.jpg ikuonetsa chinyezi cha 12 peresenti, pomwe mgwirizano umalola mpaka 13. banco_23mai.pdf ndi kalata ya ku banki. Makalata anga ndi a zachuma ali m'munsi mwa imelo ino monga anatsatanira.

Pali pamene ndinalakwa ine, ndipo ndi bwino mumve kwa ine. Pa giya 0423 sindinalembe kuti matumba 24 aja ndi otsala a katundu wa pa 12 Meyi. Ndikuganiza kuti wolowetsa m'kompyuta anaona giya ya chimanga n'kuiika ku chimanga yonse, soya osamuona. Uku n'kuganiza chabe, mabuku a ku Tete sindinawaone. Koma n'kosavuta kutsimikiza: munthu mmodzi awerenge soya amene analowa pa 16 Meyi, ayerekeze ndi zimene zili m'kompyuta. Soyayo ali m'nkhokwe yathu ya ku Tete, alimi alibe mlandu pa zolemba zathu.

Chimene chikundifulumizitsa n'chakuti bungweli lili ndi msonkhano Loweruka pa 14 Juni wogawana ndalama. Mlembi wawo ndi amene ali pamoto, chifukwa anzake ayamba kunong'ona kuti iye ndi ine tinagawana matumba aja. Ino ndi nyengo ya madimba, anthu akufuna mbewu ya mbatatesi ndi feteleza. Ndipo mukudziwa kuti ogula soya kuno si ife tokha, mavenda akuyenda ndi masikelo m'midzi akulipira pompopompo. Wapampando wandiuza maso ndi maso kuti matumba amene atsala nawo sabwera kwa ife nkhaniyi isanathe.

Ngati ndalama singatuluke pofika pa 13, ndikupempha kalata yosainidwa ndi inu yovomereza kuti kampani ili ndi ngongole ya 38,400 MT ndi tsiku limene idzalipire, kuti ndikaiwerenge pamsonkhanopo. Mapepala enieni ali mu kabati kuno. Mukawafuna ndiwapatsira woyendetsa lole ya Lachitatu.

Ine wanu,
Kalaliki wa nkhokwe, Ulongwe, Angoniya