Kalata yopempha kuti lendi itsikeko

Mufakose, Harare
16 Juni 2025

Okondedwa Bambo Phiri,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi Mayi kunyumbako. Ife kuno tadzuka, kungoti kuzizira kwa Juni kwawapatsa ana chimfine.

Bambo, ndalemba kalatayi kuti mumve kwa ine mwini wake mwezi usanathe. Ntchito inandithera pa 30 Meyi. Kufakitale ya zovala ku Southerton komwe ndinkasoka maovolosi anatseka gawo lathu lonse, akuti maoda anachepa ndipo sangathenso kutilipira. Ndalama zimene anatipatsa potichotsa ndalipirira lendi ya Juni ndi fizi ya Chisomo, zotsala tagula ufa ndi mafuta ophikira.

Pakadali pano tikudalira tebulo la mayi a Chisomo. Amalawirira ku Mbare Musika kukaoda tomato ndi masamba, koma akachotsa ya kombi, phindu lake limangokwana ndiwo za tsikulo. Ine ndatulutsa makina anga osokera aja, ndayika pakhonde. Anthu akubwera ndithu, koma ambiri ndi ofuna kuchepetsa thalauza la kaunjika logula ku Mupedzanhamo kapena kusintha zipi, ntchito ya dola imodzi.

Pempho langa ndi ili. Zipinda ziwiri zimene tikukhalamo timalipira madola 120 pamwezi. Ndikupempha kuti mutitsitsireko ifike pa 80 kuyambira Julayi mpaka Okutobala. Ndatchula 80 chifukwa ndi imene ndikudziwa kuti ndingaipeze osakunamizani, ndipo ndizitumiza pa EcoCash pa 1 monga mwa nthawi zonse. Gawo lathu la magetsi a ZESA ndi la madzi tizisonkha ndi maloja anzathu osachotserapo. Mu Novembala makolo amayamba kusoketsa yunifolomu za temu ya Januwale, ndiye kuyambira pamenepo ndidzabwerera pa 120.

Ndikudziwa kuti nyumbayi ndiyo penshoni yanu, ndipo mankhwala a Mayi a shuga amachokera pa lendi yomweyi. N'chifukwa chake sindikupempha mopepuka. Ngati kuchotseratu madola 40 kukulemerani, alembeni ngati ngongole, ndidzabweza pang'onopang'ono chaka chamawa. Yunifolomu za adzukulu anu ndizisoka ine popanda malipiro, ndipo chitseko cha bafa chimene chikugwa chija ndichikonza ndekha.

Chimene chikundisowetsa tulo kwambiri ndi Chisomo. Akulemba mayeso a Giledi 7 chaka chino, ndipo sukulu yake ndi yoyenda pansi kuchokera pano. Kumusamutsa panopa n'kumusokoneza mutu mayeso atayandikira.

Ngati mungalole, ndibwera Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, ndi kalata yondichotsera ntchito m'manja, kuti tikambirane pamaso. Chimene mungagamule ndidzachimva mwaulemu.

Ine mwana wanu,
Yohane Banda