Mayeso a Giredi 8 pa Kukula kwa Mizinda: Mafunso ndi Kachongedwe Kake

Kwa aphunzitsi onse a kalasi ya Loweruka ku Rosettenville. Gawo loyamba ndi la ana, lisindikizidwe palokha. Gawo lachiwiri ndi la ochonga, lisafike m'manja mwa ana.

GAWO LOYAMBA: PEPALA LA OPHUNZIRA

Phunziro: Zachikhalidwe cha Anthu. Nthawi: mphindi 45. Malikisi onse: 25. Yankhani mafunso onse, m'Chichewa kapena m'Chingerezi.

Werengani ndime ziwirizi musanayambe kulemba.

Ndime A. Mzinda wa Johannesburg unayamba mu 1886, golide atapezeka ku Witwatersrand. Migodi inkatenga amuna okhaokha n'kuwagoneka m'mahositelo, ndipo ambiri ochokera ku Malawi ankabwera kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi. Malamulo a mapasi ankaletsa anthu akuda kukhazikika m'tauni mwaufulu mpaka pamene anathetsedwa mu 1986. Kalembera wa 2011 anapeza anthu pafupifupi 4.4 miliyoni mumzindawu, wa 2022 anapeza pafupifupi 4.8 miliyoni.

Ndime B (nkhani yopeka). Bambo wina wa ku Mangochi amakhala ndi mkazi wake ndi mwana mmodzi m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ku Diepsloot. Ana awo awiri akuluakulu anatsala kumudzi ndi agogo awo. Bamboyo amagwira maganyu a m'magadeni ku Fourways masiku 4 pa sabata, ndipo amalandira R250 pa tsiku. Takisi imamudyera R40 tsiku lililonse limene wapita kuntchito. Lendi ndi R1 500 pa mwezi, ndipo kumudzi amatumiza R500.

1. Fotokozani tanthauzo la kukula kwa mizinda. (2)

2. Pogwiritsa ntchito Ndime A, anthu anawonjezeka ndi angati pakati pa 2011 ndi 2022? Kuwonjezekako ndi maperesenti angati? Onetsani masamu anu. (3)

3. Tengani mwezi ngati masabata 4. Bambo wa mu Ndime B amatsala ndi ndalama zingati akachotsa takisi, lendi ndi zotumiza kumudzi? Fotokozani chifukwa chimodzi chimene banjali likukhalira m'chipinda chimodzi. (4)

4. Fotokozani njira ziwiri zimene mahositelo ndi malamulo a mapasi anasinthira mabanja a anthu ogwira ntchito m'migodi. (4)

5. Lembani ndime zitatu zofotokoza mmene kukula kwa mizinda kumasinthira moyo wa banja, ntchito ndi nyumba. M'ndime iliyonse perekani chitsanzo cha ku Johannesburg kapena cha mzinda wina wa ku Malawi, ndipo pena pake onetsani mmene zitatuzi zimakokerana. (12)

GAWO LACHIWIRI: KACHONGEDWE

Aphunzitsi anzanga, ana athuwa nkhani imeneyi amagonamo ndi kudzukamo. Mukawafunsa za m'tauni adzakundandalikirani lendi, umbava, ulova, kuthithikana, mzere wonse kudzaza. Kutchula zinthuzo ndi theka la ntchito chabe. Chimene pepalali likuyesa ndi ngati mwana angathe kunena kuti ichi chimabala ichi, ndipo chifukwa chake ndi chakuti. Ndiye pochonga muziyang'ana mawu monga "chifukwa", "motero", "zotsatira zake", ndipo muone ngati chimene chabwera pambuyo pa mawuwo chikugwiradi.

Funso 1. Yankho lokwana: kuchuluka kwa gawo la anthu a dziko amene akukhala m'mizinda poyerekeza ndi okhala kumidzi, kumene kumachititsa kuti mizinda ikule. Malikisi 2. Wolemba kuti "ndi kusamuka kuchoka kumudzi kupita m'tauni" apatsidwe 1, chifukwa kusamuka ndi chimodzi mwa zoyambitsa. Mzinda umakulanso ndi ana obadwira momwemo, ngati ambiri a m'kalasi mwathumu. "Ndi kumanga nyumba zitalizitali" sapeza kanthu.

Funso 2. 4.8 kuchotsa 4.4 ndi 0.4 miliyoni, kapena 400 000: malikisi 1. Kenako 0.4 kugawa ndi 4.4, kuchulukitsa ndi 100, yankho pafupifupi 9 peresenti: 1 ya njira, 1 ya yankho. Landirani 9, 9.1 kapena 9.09. Ambiri adzagawa ndi 4.8 n'kupeza 8.3. Ameneyo wayambira pa chaka cholakwika, choncho mumpatse ya kuchotsera yokha ndipo mulembe m'mbali kuti "gawa ndi chiwerengero choyamba". Wolemba 0.4 osanena kuti miliyoni ataye malikisi oyambawo.

Funso 3. Masiku 16 pa R250 ndi R4 000. Takisi ndi R640. Kuchotsa R640, R1 500 ndi R500 kutsala R1 360. Malikisi 1 pa R4 000, 1 pa R1 360. Mwana akalakwitsa poyamba koma n'kuchotsera bwino kuchokera pa nambala yake yolakwikayo, mumpatse achiwiriwo. Tisamulange kawiri pa cholakwa chimodzi. Cholakwa chofala ndi kuwerengera takisi masiku 30.

Malikisi 2 otsalawo ndi a chifukwa. "Ndi osauka" ndi 0, popeza sikufotokoza kanthu. "Lendi ndi yodula" ndi 1. "Lendi ya chipinda chimodzi yatenga kale ndalama zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro, motero chipinda chachiwiri chingawasiye opanda chakudya" ndi 2. Landiraninso yankho lakuti maganyu alibe pepala la malipiro, ndiye eni mafulati ambiri ndi mabanki samulandira munthu wotere.

Funso 4. Mfundo iliyonse malikisi 2: 1 potchula, 1 pofotokoza. Zoyembekezeka: amuna ankakhala kutali ndi akazi awo kwa nthawi yonse ya kontirakiti, choncho kulima, kulera ana ndi kusamala okalamba kunagwera amayi, ana ankakula akuwadziwa bambo awo ngati mlendo wobwera ndi sutikesi ndi bulangete, ena anakwatiranso kuno n'kusanduka machona, ndalama kumudzi n'kuleka kufika, mabanja anayamba kudalira ndalama za kumigodi kuposa nkhokwe. Wokopera chiganizo cha mu Ndime A osawonjezapo kanthu apeze 1 pa funso lonse. Mwana amene watchula za agogo ake amene anapita ku Wenela kapena ku Theba musamudule, bola aonetse chimene chinasintha pakhomopo.

Funso 5 ndi pamene tingasiyane kwambiri kachongedwe, ndiye tigwirizane bwino. Ndime iliyonse ili ndi malikisi 3: 1 ya kusintha kumene watchula, 1 ya chifukwa kapena zotsatira, 1 ya chitsanzo chenicheni cha malo. Ndime zitatu ndi 9. Malikisi 2 ndi a kulumikiza mitu, 1 ndi ya kalembedwe komveka ka ndime osati mndandanda.

Pa banja, yembekezani izi: banja limachepa n'kukhala la bambo, mayi ndi ana okha chifukwa chipinda sichikwana abale, ana ena amaleredwa ndi agogo kumudzi, amayi amagwira ntchito yolipidwa ndipo mawu awo pa ndalama za pakhomo amakula, ana amasiyidwa kukireshi chifukwa palibe azakhali apafupi, milandu ya m'banja imene kwathu amakamba ankhoswe, kuno imapita kwa akulu a mpingo kapena a mzikiti, kapena ikambidwa pafoni. Mwana wochokera kwa Achewa kapena Ayao angalembe kuti mphamvu za atsibweni pa ana zimachepa m'tauni chifukwa wolipira lendi ndi fizi ndi bambo. Imeneyi ndi mfundo yakuya, ipatseni malikisi onse.

Pa ntchito: kuchoka ku ulimi ndi usodzi kupita ku ntchito za malipiro, kuchepa kwa ntchito za m'migodi ndi kuchuluka kwa za m'masitolo, zomangamanga, ulonda ndi za m'nyumba, anthu kuchuluka kuposa ntchito zolembedwa, motero ambiri amagulitsa malonda m'misewu monga pafupi ndi Park Station kapena mu msika wa Limbe, ntchito zotere zilibe penshoni ngakhale tchuthi cha odwala.

Pa nyumba: anthu amafika mofulumira kuposa mmene nyumba, mipope ndi zimbudzi zimamangidwira, ndiye kumabuka mikuku, zipinda za kuseri ndi mafulati ogawidwa ndi makatani. Zitsanzo zolandirika ndi Alexandra, Diepsloot, Hillbrow, Ndirande, Mbayani, Mtandire. Nyumba za RDP zimene boma linayamba kumanga pambuyo pa 1994 ndi chitsanzo chabwino cha kuyesa kuthetsa vutoli. Wina angatchule kusamutsidwa kwa anthu a ku Sophiatown kupita ku Meadowlands kuyambira 1955 pofotokoza chifukwa chake ogwira ntchito ambiri amagona kutali ndi kumene amagwira. Ameneyo waona kuti Johannesburg sanangokula yekha, malamulo a tsankho ndiwo anaika anthu pamene ali. Enanso adzalemba za moto wa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown mu Ogasiti 2023 umene unapha anthu oposa 70. Landirani chitsanzocho, koma polemba ndemanga m'mbali samalani mawu, pakuti m'mabanja athu muli ena amene anataya abale kapena odziwana nawo mmenemo.

Taonani mayankho awiri a ndime ya nyumba. Loyamba: "M'tauni nyumba ndi zodula, kuli mikuku, kuli dothi komanso akuba." Apa pali zinthu zinayi koma malikisi ndi 1, chifukwa palibe chofotokozedwa ndipo palibe malo. Lachiwiri: "Ku Alexandra eni nyumba amamanga zipinda kuseri chifukwa anthu ambiri amafuna kukhala pafupi ndi ntchito za ku Sandton kuti asawononge ndalama pa takisi. Zotsatira zake mabanja ambiri amagwiritsa ntchito mpopi umodzi ndi chimbudzi chimodzi." Ameneyu watenga 3, ndipo walumikiza kale nyumba ndi ntchito, choncho mumpatsenso 1 ya kulumikiza. Akadzaonjeza kwina kuti chipinda choterocho ndicho chimachititsa makolo kusiya ana kumudzi, watenga yachiwiri.

Chenjezo limene ndikuliona lofunika kwambiri: funso likuti "kumasinthira", silikuti "kumawonongera". Ife akuluakulu timakonda yankho lakuti kumudzi kunali ulemu, m'tauni ana alowerera. Maganizo amenewo asalowe mu cholembera chofiira. Mwana wolemba kuti m'tauni sukulu ndi chipatala zili pafupi, kuti mtsikana amapitiriza sukulu, kapena kuti ndalama za kuno zamangitsa nyumba ya malata ku Nkhata Bay, wayankha bwino lomwe ngati wafotokoza. Chimodzimodzi, chiganizo chonyoza mtundu wina wa anthu, kaya eni dziko kaya obwera, kuti ndiwo abweretsa mavuto, sichipeza malikisi. Chizungulizeni ndipo mudzakambirane ndi mwanayo payekha.

Musachotse malikisi chifukwa cha masipelo kapena kusakaniza Chichewa ndi Chizulu, bola ganizo likumveka. Ambiri mwa anawa Chichewa amachilankhula kunyumba koma sanachiphunzirepo kulemba.

Tisanagawane mapepala, tonse tichonge mapepala atatu omwewo, aliyense payekha, kenako tiyerekeze. Tikasiyana ndi malikisi oposa 2 pa funso 5, tibwerere ku kachongedwe aka mpaka timvane. Lembani malikisi a funso lililonse kumanja kwa pepala, onse pamodzi pamwamba, ndi ndemanga imodzi yonena chimene mwanayo akonze. Wopeza ochepera 10 abwerezenso funso 5 pogwiritsa ntchito Ndime B yokha. Mapepala ochonga abwere Loweruka likudzali isanakwane 9 koloko m'mawa, kuti ana awalandire kalasi isanayambe.