Sitandade 8, Masamu: Pepala Lobwereza pa Kuwerenga Galafu

Ana anga, ndamaliza kuchonga mayeso oyeserera a sabata yatha. Pa ana 64 amene munalemba, 19 okha ndi amene anakhoza funso loyamba la galafu. Zinandipweteka mtima, chifukwa kuphatikiza ndi kuchotsera munachita bwino ndithu, koma manambala amene munatola pagalafupo anali olakwika kuyambira pachiyambi. Mayeso a Maneb akubwera, ndipo sindikufuna kuti malikisi amenewa akupulumukeninso. Tengani kope la timabokosi, rula ndi pensulo yosongoka. Magalafu awiriwa mujambule nokha monga ndafotokozera. Manambala ake ndapeka ndine kuti tiphunzirire.

GALAFU YOYAMBA: YA MIZATI

Mutu wake: Matumba a thonje amene kalabu ya alimi a ku Ngabu inagulitsa mwezi uliwonse.

Pa mzere wogona, wam'munsiwo, lembani miyezi isanu: Meyi, Juni, Julayi, Ogasiti ndi Seputembala. Pa mzere woimirira, wa kumanzere, lembani 0, 20, 40, 60 ndi 80, ndipo m'mbali mwake mulembe kuti "Chiwerengero cha matumba". Pakati pa nambala ina ndi inzake jambulani timizere tinayi tosalembedwa kanthu. Mzati wa Meyi ukupitirira 20 ndi timipata titatu. Wa Juni ukupitirira 60 ndi timipata tiwiri. Wa Julayi wathera pa 60 penipeni. Wa Ogasiti wapitirira 40 ndi kampata kamodzi. Wa Seputembala wakwera timipata tinayi kuchoka pa 0.

Musathamangire mafunso. Choyamba funsani galafuyo kuti: kampata kamodzi kakuimira matumba angati? Imeneyi ndiye sikelo, ndipo apa ndi pamene ambiri munagwera.

Kuchoka pa 20 kufika pa 40 pali matumba 20. Tsopano ikani nsonga ya pensulo pa 20 n'kumadumpha kamzere ndi kamzere mpaka pa 40. Mwadumpha kangati? Kasanu. Timizere tili tinayi, inde, koma timipata tili tisanu. Ganizani za mpanda wa khola la mbuzi: pakati pa nsanamira ziwiri zapakona mukazika mitengo inayi, mipata yotsekapo imakhala isanu. Timawerenga mipata. Choncho 20 ÷ 5 = 4. Kampata kamodzi ndi matumba 4. Lembani "kampata 1 = matumba 4" ndi pensulo pambali pa galafu, kuti mutu ukatentha m'chipinda cha mayeso musayambenso kuganiza.

Funso 1. Kodi kalabuyi inagulitsa matumba angati mu Meyi?

Gonekani rula pamwamba pa mzati wa Meyi, ifike ku mzere wa manambala. Rulayo igone molunjika ngati timizere tagalafuyo, isapendekere. Yadutsa timipata titatu pamwamba pa 20. Timipata 3 × 4 = 12, ndipo 20 + 12 = 32. Yankho: matumba 32.

Wina alemba 23, chifukwa wayesa kuti kampata kalikonse ndi thumba limodzi. Wina alemba 35, chifukwa wawerenga timizere tinayi n'kugawa 20 ndi 4. Pa mafunso osankha A, B, C kapena D, mayankho olakwika otere mukhoza kuwapeza ali pomwepo, akukudikirani. Kupeza nambala yanu pamndandanda sikutanthauza kuti mwakhoza.

Musanapitirire, werengani mizati yonse n'kulemba nambala pamwamba pa uliwonse: Meyi 32, Juni 68, Julayi 60, Ogasiti 44, Seputembala 16. Ntchito ya mphindi imodzi yokha, koma mafunso onse otsatira akudyera pamenepa.

Funso 2. Ndi mwezi uti umene anagulitsa matumba ambiri?

Juni. Funso lafunsa mwezi, ndiye yankho ndi dzina la mwezi. Amene alemba 68 wayankha funso limene sanafunsidwe.

Funso 3. Pezani kusiyana kwa matumba a mwezi umene anagulitsa ambiri ndi mwezi umene anagulitsa ochepa.

Mukamva kusiyana, chotserani: 68 − 16 = 52. Matumba 52.

Funso 4. Kodi anagulitsa matumba angati onse pamodzi, ndipo avareji ya pamwezi ndi yotani?

32 + 68 + 60 + 44 + 16 = 220. Kuti musasochere, gwirizanitsani manambala okwatirana: 32 ndi 68 ndi 100, 44 ndi 16 ndi 60, kuwonjezerapo 60 wa Julayi, zonse 220. Avareji ndi zonse kugawa ndi chiwerengero cha mizati: 220 ÷ 5 = 44. Matumba 44 pamwezi. Dziyeseni nokha motere: avareji iyenera kukhala pakati pa mzati waufupi kwambiri ndi wautali kwambiri, apa pakati pa 16 ndi 68. Mukapeza 110 kapena 11, bwererani, pena pake palakwika.

Funso 5. Matumba a Julayi ndi gawo lanji la matumba onse? Nanga a Ogasiti ndi maperesenti angati?

Julayi: 60/220. Gawani pamwamba ndi pansi ndi 20, mupeza 3/11. Fulakishoni musaisiye yosachepetsa. Ogasiti: 44/220 × 100 = 20, ndiye maperesenti 20.

Funso 6. Ngati thumba lililonse limalemera makilogalamu 50, thonje la Juni linalemera bwanji?

68 × 50 = 3,400. Yankho: makilogalamu 3,400. Nambala yopanda dzina la muyeso wake ndi yankho losamaliza.

GALAFU YACHIWIRI: YA MZERE

Mutu wake: Kutentha kwa tsiku lina la mwezi wa Okutobala pa sukulu ina ku Nsanje.

Galafu ya mizati imayerekeza zinthu zosiyana, ichi ndi icho. Ya mzere imaonetsa chinthu chimodzi mmene chikusinthira nthawi ikamapita, monga kutentha kwa thupi la wodwala malungo, kapena madzi a Shire mmene amakwerera mvula ikachuluka kumtunda. Amene munapitapo kusikelo ndi mng'ono wanu munaiona kale m'buku lake la kuchipatala: madontho a kulemera kwa mwana, mwezi ndi mwezi.

Pa mzere wogona lembani 6 koloko m'mawa, 8, 10, 12 koloko masana, 2, 4, ndi 6 koloko madzulo, motalikirana mofanana. Pa mzere woimirira lembani 20, 25, 30, 35, 40 ndi 45, madigiri Selesiyasi, ndipo pakati pa nambala ndi inzake pakhale timipata tisanu. Ikani madontho motere. Pa 6 m'mawa, kampata kamodzi pansi pa 25. Pa 8, timipata titatu pamwamba pa 25. Pa 10, kampata kamodzi pansi pa 35. Pa 12, timipata titatu pamwamba pa 35. Pa 2, pa 40 penipeni. Pa 4, timipata tiwiri pansi pa 40. Pa 6 madzulo, timipata tiwiri pamwamba pa 30. Lumikizani madonthowo ndi rula.

Sikelo kaye. Timipata tili tisanu ngati pagalafu yoyamba ija, koma kuchoka pa 20 kufika pa 25 ndi 5 basi, ndiye 5 ÷ 5 = 1. Kampata kamodzi ndi digiri imodzi. Galafu iliyonse ili ndi sikelo yakeyake, musatengere ya thonje kuno. Onaninso kuti mzere wogonawo ukudumpha maola awiriawiri. Madontho athu ndi 24, 28, 34, 38, 40, 38 ndi 32.

Funso 1. Kunkatentha bwanji pa 10 koloko m'mawa?

Imikani rula pa 10, kwerani mpaka mukumane ndi mzere wagalafu, kenako pitani kumanzere molunjika. Madigiri 34.

Funso 2. Ndi nthawi yanji pamene kutentha kunali madigiri 38?

Apa ulendo ndi wobwerera: yambirani pa 38, gonekani rula kudutsa galafu yonse. Rulayo yadula mzere kawiri, pokwera ndi potsika. Yankho: 12 koloko masana ndi 4 koloko madzulo. Ambiri mumaima mukangopeza nthawi yoyamba. Yendetsani diso mpaka kumapeto kwa rula.

Funso 3. Yerekezani kutentha kwa pa 9 koloko m'mawa.

Nambala 9 sinalembedwe, koma malo ake alipo, pakati penipeni pa 8 ndi 10. Kwerani kuchokera pamenepo, mukumana ndi mzere pakati pa 28 ndi 34, pomwe ndi 31. Madigiri 31. Izi zimatheka pa galafu ya mzere chifukwa kutentha sikudumpha, kumadutsa pa 29, 30 ndi 31 kusanafike pa 34. Pa galafu ya mizati mpata wa pakati pa Meyi ndi Juni ulibe chowerenga.

Funso 4. Ndi pakati pa maola ati pamene kutentha kunakwera kwambiri?

Funsoli likufuna pamene mzere waima kwambiri. Amene munakwerapo minibasi yopita ku Blantyre mukudziwa kuti msewu wochokera ku Nchalo umagona bwinobwino, koma mukawoloka Shire n'kuyamba phiri la ku Thabwa galimoto imalira. Fufuzani Thabwa wa pagalafu. Kenako tsimikizani ndi manambala: 6 mpaka 8 kwakwera 4, 8 mpaka 10 kwakwera 6, 10 mpaka 12 kwakwera 4, 12 mpaka 2 kwakwera 2. Yankho: pakati pa 8 ndi 10 koloko m'mawa. Amene ayankha 2 koloko wasokoneza kukwera kwambiri ndi kufika pamwamba kwambiri. Kuchoka 4 mpaka 6 madzulo kwasinthanso ndi 6, koma uko ndi kutsika.

Funso 5. Chisomo akuti pa 8 koloko kunatentha kuwirikiza kawiri kutentha kwa pa 6 koloko m'mawa. Kodi akunena zoona?

Tamuikirani kumbuyo pang'ono Chisomo, maso ake sanamunamize kwenikweni: dontho la 6 koloko lili timipata tinayi kuchoka pansi, la 8 koloko lili timipata 8. Koma pansi pagalafuyi pali 20, osati 0. Kutentha kwachoka pa 24 kufika pa 28, kwakwera ndi madigiri 4 okha. Chisomo walakwa. Nthawi zonse yang'anani nambala imene ili pakona yam'munsi kumanzere. Nthawi zina mzere woimirira umakhala ndi kamzere kokhotakhota pafupi ndi 0, kusonyeza kuti manambala ena adumphidwa.

NTCHITO YA KUNYUMBA

Pa galafu ya thonje: ndi miyezi iti imene anagulitsa matumba opitirira avareji? Ngati mu Okutobala akanagulitsa matumba 8, mzati wake ukanakwera timipata tingati, ndipo avareji ya miyezi 6 ikanakhala yotani? Pa galafu ya kutentha: yerekezani kutentha kwa pa 5 koloko madzulo, ndipo pezani kusiyana kwa kutentha kwapamwamba ndi kwapansi kwa tsikulo.

Onetsani njira yonse, kuyambira pa sikelo. Pamayeso mafunsowa adzabwera m'Chingerezi, ndiye Lolemba tidzawalemba pabolodi m'Chingerezimo kuti muzolowere mawu ake. Amene mulibe rula, pindani pepala lolimba kawiri, m'mphepete mwake mugwira ntchito yomweyo. Makope ndidzatolera belu loyamba lisanalire.