Pempho la tchuthi chokalembera mayeso a ICAM

Ofesi ya za ndalama,
Kopaletivi ya alimi a mtedza ndi soya,
Mkanda, Mchinji.
5 Meyi 2025

Kwa a Wapampando a Bodi,
Kudzera kwa a Manijala.

Bambo Wapampando,

Ndalemba kalatayi kupempha tchuthi cha masiku 10 ogwira ntchito, kuyambira Lolemba pa 26 Meyi mpaka Lachisanu pa 6 Juni 2025, kuti ndikalembe mayeso a ICAM, bungwe loona za ntchito ya maakauntanti m'dziko muno. Ndidzabwerera pantchito Lolemba pa 9 Juni.

Andiika kukalembera ku Lilongwe. Mapepala amene anditsalira kuti nditsirize dipuloma ndi awiri: la misonkho, lomwe ndidzalembe Lachiwiri pa 3 Juni, ndi la kafufuzidwe ka mabuku a ndalama, Lachinayi pa 5 Juni. Sabata yoyambayo ndikufuna ndikakhale pansi n'kuwerenga pamodzi ndi anzanga amene tikulemba nawo, chifukwa kuno ndimawerenga usiku wokha tikatseka sikelo, mutu uli wotopa kale. Ndaphatikiza pa kalatayi ndondomeko ya masiku a mayeso ndi lisiti ya fizi, yomwe ndinalipira ndi ndalama za m'thumba mwanga.

Ndikudziwa kuti pempholi lafika pa nthawi yoipa. Kumapeto kwa Meyi soya amakhala ali mkati, mtedza nawo ukuyamba kulowa, ngolo zili pamzere kuyambira m'mamawa, ndipo mlimi akayezetsa matumba ake safuna kumva zoti wa ndalama wachokapo. Ndikanatha kusuntha masikuwa ndikanatero, koma ICAM imalembetsa mayeso mu Juni ndi mu Disembala basi. Ndikaphonya ulendo uno ndiye kuti ndidikira miyezi 6, ndipo Disembala nayenso si wopepuka, ndi nthawi ya ngongole za mbewu ndi feteleza.

Ntchito sidzaima, ndakonza motere. Malipiro a antchito a mwezi wa Meyi ndidzawamaliza pofika Lachisanu pa 23 Meyi, kuti a Manijala ndi a Msungichuma adzangosayina. Kulipira alimi kudzakhala m'manja mwa Mayi Nabanda, amene tagwira nawo limodzi nyengo ziwiri zapitazi. Buku la sikelo ndi mavocha amazidziwa bwino, ndipo tagwirizana kuti madzulo alionse azidzatseka kashibuku pamaso pa a Msungichuma, n'kujambula tsamba la tsikulo kunditumizira pa foni. Makiyi a sefa ndidzawapereka kwa a Msungichuma titawerengera limodzi ndalama zonse, tonse awiri n'kusayinirana. Msonkho wa PAYE umayenera kufika ku MRA pasanadutse pa 14 mwezi wotsatira, choncho umenewo ndidzaupeza ndekha ndikabwerera. Foni yanga idzakhala yotsegula, kupatula pamene ndili m'chipinda cha mayeso.

Malamulo a kopaletivi yathu satchulapo za tchuthi cha mayeso, n'chifukwa chake nkhaniyi ndaifikitsa ku bodi m'malo mothera kwa a Manijala. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limapatsa munthu wogwira masiku 5 pa sabata tchuthi cha masiku 15 pa chaka. Pa amenewa ndinatengapo 3 mu Januwale, atsala 12. Pempho langa n'lakuti masiku 5 a sabata yowerengayo muwachotse pa tchuthi changachi, koma 5 a sabata ya mayeso muwaone ngati tchuthi chapadera cholipidwa. Bodi ikaona kuti zimenezi sizitheka, chotsani onse 10 pa tchuthi changa, sindidzadandaula.

Ndanena za tchuthi chapadera chifukwa maphunzirowa phindu lake likuonekera muno momwe. Mukukumbukira kuti maodita atabwera chaka chatha anakhala nafe nthawi yaitali akufunsa za katundu wa m'nkhokwe, popeza matumba olembedwa m'buku la sikelo sankagwirizana ndi a m'kaundula wa sitolo. Njira yoyanjanitsira mabuku awiriwa sabata ndi sabata, yomwe tikutsata tsopano, ndinaitenga m'phunziro la kafufuzidwe ka mabuku lomwe ndikukalembali. Ndamvanso ena akunong'ona kuti munthu akapeza pepala amathawira m'tauni. Ine kwathu ndi konkuno, ana anga akuphunzira konkuno, ndipo ngati bodi ifuna, ndili wokonzeka kusayina kuti ndigwira ntchito pano zaka zina ziwiri, zotsatira za mayeso zikatuluka.

Ndikupempha kuti nkhaniyi ilowe pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wa bodi wa pa 14 Meyi, kuti yankho likabwera ndikhale ndi sabata yathunthu yosiyirana mabuku ndi Mayi Nabanda.

Ine wantchito wanu,

Tiyamike Mbewe
Kalaliki wa za ndalama