Chidziwitso kwa makolo ndi ophunzira a Fomu 1 ndi Fomu 3

Makolo, chonde werengani bwinobwino chifukwa chaka chatha ambiri munabwera kudzadandaula zotsatira zitatuluka kale. Kuti mwana apite kalasi yotsatira akuyenera kupeza avereji yosachepera 50 peresenti, ndipo tikuphatikiza materemu onse atatu osati mayeso omaliza okha ayi. Pamwamba pa apo Chingerezi ndi Masamu akhoze basi, ngakhale avereji ikhale 70 koma walephera Chingerezi abwereza kalasi, ndi phunziro lomwe amalembera mayeso enawo nde sitingalekerere. Maphunziro okhoza onse pamodzi akwane 6.

Amene wadwala nthawi ya mayeso abweretse kalata yakuchipatala pasanathe sabata, tidzamupatsa mayeso ena. Muli ndi funso bwerani ku ofesi Lachisanu m'mawa tidzakambirane, musadikire teremu yachitatu chonde.

Mphunzitsi wamkulu